Mantha amodzi, zokumbukira ziwiri: amigidala, hipokampasi ndi pirifurontolo

Wophunzira akafunsidwa za mbali zitatu izi za ubongo, yankho limene limabwera msanga ndi lakuti amigidala ndi ya mantha, hipokampasi ndi yokumbukira, ndipo pirifurontolo kotekisi ndi yoganiza ndi kudziletsa. Yankholi likhoza kukupezetsani malikisi angapo, koma silingakuthandizeni mukakumana ndi munthu amene amatuluka thukuta akaona chinthu chimene sakukumbukira n'komwe kuti chinamuopsapo. Silingafotokozenso za wina amene amatha kukuuzani mwatsatanetsatane kuti chakutichakuti n'choopsa, thupi lake lili zii. Anthu oterewa alipo ndipo anayezedwa. Zimene anaonetsa n'zakuti chinthu chimodzi choopsa chimasiya zokumbukira zoposa chimodzi mu ubongo, chilichonse pamalo pake, ndipo chimodzi chikhoza kutayika chinzake chilipo.

Tiyambe tadziwa pamene mbalizi zili. Mkati mwa chigawo cha ubongo chimene chili m'mbali mwa mutu, chakumakutu, muli hipokampasi, yomwe ndi yaitali ndi yopindika. Kutsogolo kwake kwenikweni kuli amigidala, kagulu ka maselo kakukula ngati mtedza. Zonsezi zilipo ziwiriziwiri, ina kumanja ina kumanzere, ndipo mfundo imeneyi muisunge, chifukwa munthu amene waonongeka mbali imodzi yokha kawirikawiri vuto lake limakhala laling'ono poyerekeza ndi amene zaonongeka zonse ziwiri. Pirifurontolo ndi chikuto cha ubongo chakutsogolo, kuseri kwa mphumi ndi pamwamba pa maso. Ndi dera lalikulu lokhala ndi tizigawo tosiyana ntchito, ndipo m'nkhani ya mantha kamene katikhudze kwambiri ndi kapansi chapakati, kamene amakatcha ventiromidiyo.

Chithunzi cha buluu ndi hutala

M'chaka cha 1995, Antoine Bechara pamodzi ndi Daniel Tranel, Hanna Damasio, Antonio Damasio ndi anzawo a pa yunivesite ya Iowa ku Amereka anafalitsa kafukufuku wa odwala atatu. Woyamba anali mayi amene mabuku amamutchula ndi zilembo zakuti S.M. Iyeyu ali ndi nthenda yachibadwa yosowa kwambiri ya Urbach-Wiethe, imene inaumitsa ndi kuononga amigidala zake zonse ziwiri koma n'kusiya hipokampasi ili bwino. Wachiwiri, W.C., mtima wake unaimapo ndipo ubongo unasowa mpweya kwa kanthawi, zimene zinaononga hipokampasi zonse ziwiri koma amigidala n'kutsala. Wachitatu, R.H., anadwala matenda otupitsa ubongo oyambitsidwa ndi vairasi ya hepizi, ndipo anataya zonse, amigidala ndi hipokampasi zomwe. Panalinso anthu ena a ubongo wabwinobwino oti ayerekezere nawo.

Munthu ankakhala pampando, padzanja atamuika timawaya toyeza mmene khungu likudutsitsira magetsi. Thupi likadzidzimuka, timinyewa tosalamulirika ndi maganizo timatulutsa kathukuta kochepa kwambiri, koti mwini wake sangakaone, ndipo kathukuta kameneka kamachititsa kuti magetsi adutse mosavuta. Makina amalemba kusinthako. Choyamba ankamuonetsa zithunzi za mitundu yokhayokha, chobiriwira, cha buluu, chachikasu ndi chofiira, mobwerezabwereza popanda china chilichonse, mpaka thupi litazizolowera. Kenako anayamba kuliza hutala ya boti, yaphokoso la madesibelo 100, pambuyo pa chithunzi cha buluu chokha. Atachita zimenezi kangapo, ankaonetsa chithunzi cha buluu popanda hutala kuti aone ngati khungu lisinthe. Pomaliza, patapita mphindi zochepa, ankamufunsa mafunso osavuta. Munaona mitundu ingati? Inali iti? Ndi mtundu uti umene unkatsatiridwa ndi hutala?

Anthu a ubongo wabwinobwino anachita zonse ziwiri. Khungu lawo linkasintha akaona buluu, ndipo pakamwa ankayankha kuti hutala imabwera pambuyo pa buluu. S.M. anayankha mafunso bwinobwino, ankadziwa kuti buluu ndiye amabweretsa phokoso, koma buluu akaonekera khungu lake silinkasintha. W.C. anali wosemphana naye. Sanathe kunena zimene zinachitika, koma buluu akangoonekera khungu lake linkasintha ngati la wina aliyense. R.H. analephera mbali zonse ziwiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ophunzira ambiri amachidumpha pofotokoza kafukufukuyu, chikhalirecho ndi chimene chimamulimbitsa. Odwala onse atatu khungu lawo linkasintha hutala yeniyeniyo ikalira. Zikanakhala kuti khungu la S.M. silisintha ngakhale pa hutala, wina akanati mwina mayiyu thupi lake silitha n'komwe kudzidzimuka, kapena timawaya sitinamugwire bwino. Koma thupi lake linkadzidzimuka ndithu. Chimene chinasowa chinali kuphunzira kuti buluu akulosera hutala.

Taonaninso chifukwa chake panafunika odwala awiri osemphana. Tikanakhala ndi W.C. yekha, munthu akanatha kunena kuti kuyankha mafunso ndi ntchito yovuta kuposa kutuluka thukuta, motero ubongo ukavulala paliponse ntchito yovutayo ndiyo imayamba kugwa. Maganizo amenewo ndi omveka, koma S.M. akuwagwetsa, popeza iye anakhoza ntchito imene ikutchedwa yovutayo n'kulephera yosavutayo. Kuonongeka kwa malo oyamba kukachotsa ntchito yoyamba n'kusiya yachiwiri, ndipo kuonongeka kwa malo achiwiri kukachotsa yachiwiri n'kusiya yoyamba, timakhala ndi chifukwa chomveka chonenera kuti ntchito ziwirizo sizidalira njira imodzi. Malire ake nawonso ndi oonekeratu. Pa mtundu uliwonse wa kuonongeka panali munthu mmodzi yekha, ndipo matenda salemekeza mizere imene timajambula m'mabuku. Chimene chimapatsa kafukufukuyu mphamvu n'chakuti zotsatira zake zimagwirizana ndi zimene zinapezeka mobwerezabwereza mwa makoswe ndiponso mwa odwala ena ochotsedwa mbali ya ubongo chifukwa cha khunyu.

Makoswe ndi amene anatisonyeza njira zake bwino. Khoswe amamva kulira kwa kabelu, kenako amalandira kashoko ka magetsi kumapazi. Pambuyo pa maulendo ochepa, nthawi zina ulendo umodzi wokha, akangomva kabeluko amangouma gwa, osasuntha kupatula kupuma. Joseph LeDoux ndi anzake anasonyeza kuti uthenga wa kabelu ndi uthenga wa shoko zimakumana m'kachigawo kakunja ka amigidala, ndipo kukumanako kumalimbitsa malumikizidwe a maselo a pamenepo, kotero kuti mawa kabelu kokha kamakwanira kuwadzutsa. Kuchoka apo uthenga umafika ku kachigawo kapakati ka amigidala, kamene kamalamula haipothalamasi, kachiwalo ka pansi pa ubongo koyendetsa mahomoni, ndi tsinde la ubongo kuti mtima uthamange, magazi akwere, mahomoni atuluke ndipo thupi liume. Uthenga wa phokoso umafika ku amigidala podzera njira ziwiri, ina yochokera mwachindunji ku thalamasi, malo a mkati mwa ubongo pamene uthenga wa makutu ndi maso umadutsira, yachangu koma yosasiyanitsa bwino zinthu, ina yoyamba yadzera ku kotekisi, chikuto cha ubongo. Mwa makoswe ndi pa nkhani ya kumva, njira yachiduleyi umboni wake ndi wolimba. Mwa anthu ndi pa nkhani ya kuona, akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa ntchito yake, choncho musailembe ngati nkhani yotheratu.

Zimene hipokampasi imasunga

W.C. analephera kunena zimene zinachitika chifukwa hipokampasi ndi imene imamanga pamodzi zidutswa za chochitika: chinali chiyani, kuti, liti, chinatsatana ndi chiyani. Amene anatsegula maso a dziko pa zimenezi ndi Henry Molaison, amene kwa zaka zambiri ankadziwika ndi zilembo zakuti H.M. Mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala William Scoville wa ku Hartford anamuchotsa mbali zamkati za chigawo cha m'mbali cha ubongo, uku ndi uku, pofuna kuchepetsa khunyu limene linkamuzunza. Khunyu linachepa, koma kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 2008 sanathenso kusunga zochitika zatsopano. Ankacheza bwinobwino, nzeru zake zinali zosaonongeka, ndipo ankatha kusunga nambala m'mutu bola asasiye kuibwereza. Wina akangomusokoneza, zonse zinkapita. Brenda Milner anamupatsa ntchito yojambula motsatira mizere ya nyenyezi akuyang'ana dzanja lake pagalasi lokha. Kwa masiku atatu luso lake linkakula tsiku ndi tsiku, koma tsiku lililonse sankakumbukira kuti anachitapo ntchitoyo.

Pa H.M. pokha sitinganene kuti hipokampasi yokha ndiyo inachititsa zonsezi, chifukwa opaleshoniyo inachotsanso gawo lalikulu la amigidala ndi kotekisi yozungulira malowo, pamene chakumbuyo kwa hipokampasi kunatsala. Umboni wolunjika unabwera pambuyo pake kuchokera kwa odwala ngati W.C., amene kusowa mpweya kunawaonongera hipokampasi n'kusiya zozungulira.

M'nkhani ya mantha, hipokampasi ili ndi ntchito ina imene mabuku oyambira amangoitchula modutsa. Ndiyo imene imauza amigidala za malo. Khoswe amene walandira shoko m'bokosi linalake saopa kabelu kokha, amaopanso bokosilo, fungo lake, pansi pake ndi kuwala kwake. Mu 1992 Jeansok Kim ndi Michael Fanselow anaononga hipokampasi ya makoswe patapita tsiku 1, masiku 7, 14 kapena 28 chiwaphunzitsireni mantha. Amene anaonongedwa patangopita tsiku limodzi anasiya kuopa bokosi koma anapitiriza kuopa kabelu. Amene anaonongedwa patapita masiku 28 ankaopabe bokosilo. Chaka chomwecho Russell Phillips ndi LeDoux anapeza kuti amigidala ikaonongeka mantha onse awiri amapita, a kabelu ndi a malo omwe. Kabelu ndi chizindikiro chimodzi chimene amigidala ingachilandire payokha, pamene malo ndi zinthu zambiri zofunika wozimanga pamodzi, ndipo womangayo ndi hipokampasi.

Kodi amigidala ndi ya mantha?

S.M. wakhala akuyezedwa kwa zaka zambiri, ndipo nkhani yake imakoka mbali ziwiri. Mu 1994 Ralph Adolphs ndi anzake anapeza kuti sankazindikira mantha pankhope za anthu pazithunzi, ngakhale chimwemwe ankachizindikira. Zaka 11 pambuyo pake anapeza chifukwa chake. Mayiyu sayang'ana m'maso mwa nkhope imene waonetsedwa, pamene mantha amaonekera kwambiri m'maso. Atamuuza kuti ayang'ane m'maso, anazindikira mantha ngati wina aliyense, koma atasiya kumukumbutsa anabwerera mwakale. Mu 2011 Justin Feinstein ndi anzake anafotokoza za ulendo umene anamutengera kusitolo yogulitsa njoka ndi akangaude. Ngakhale ankanena kuti amadana ndi njoka, anainyamula m'manja, ndipo ankapempha mobwerezabwereza kuti agwire zikuluzikulu. Pa moyo wake anaikidwapo mpeni pakhosi ndi munthu wina usiku, ndipo tsiku lotsatira anadutsanso pamalo pomwepo. Ineyo ndimaona kuti mbali imeneyi ndi yomvetsa chisoni kwambiri kuposa mmene ophunzira amaimvera poyamba. Mayiyu amakumbukira zimene zinamuchitikira, koma kukumbukirako sikumubweza, choncho wagwa m'ngozi zambiri zimene wina akanazilambalala.

Ndiyeno mu 2013 ofufuza omwewo anampumitsa mpweya wokhala ndi kaboni dayokisaidi wokwana 35 peresenti. Kupuma kamodzi kokha mpweya wotere sikupha, koma thupi limamva ngati likubanika. S.M. anagwidwa ndi mantha aakulu, anagwedeza dzanja chapafupi ndi chovala kumphuno chimene ankapumiramo n'kuitana kuti amuthandize. Odwala ena awiri a nthenda yomweyo, amene ndi mapasa, anachitanso chimodzimodzi. Mwa anthu 12 a ubongo wabwinobwino, 3 okha ndi amene anafika pamenepo. Choncho munthu wopanda amigidala akhoza kumva mantha, ngati choopsacho chikuchokera m'thupi mwake. Tikaphatikiza ndi umboni wa nyama wosonyeza kuti maselo ena a amigidala amadzuka pa zizindikiro za chakudya ndi mphotho, kunena kwabwino n'kwakuti amigidala imaphunzira kuti ndi zinthu ziti zakunja zimene zili ndi kanthu pa moyo wa nyamayo, imatembenuzira maso ndi makutu komweko, ndipo imakonzekeretsa thupi. Kumva mantha mumtima, kumene munthu angakufotokoze, kumafuna mbali zambiri kuposa iyi yokha.

Chifukwa chake zoopsa siziiwalika

Njira ya amigidala ndi ya hipokampasi, ngakhale zimatha kulekana mwa odwala, mwa munthu wabwinobwino zimagwirizana. James McGaugh wa ku Irvine ku California anatha zaka zambiri akusonyeza mmene zimachitikira. Chinthu chikatigwedeza, tiziwalo ta pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni otchedwa adirenalini ndi kotizolo. Adirenalini salowa mu ubongo mosavuta, koma amadzutsa mtsempha wa vegasi, umene umatumiza uthenga ku tsinde la ubongo, ndipo mapeto ake noradirenalini, mankhwala a mu ubongo ofanana ndi adirenalini, amatuluka mu amigidala. Pamenepo amigidala imalimbikitsa hipokampasi ndi madera ena kuti zimene zangochitikazo zikhazikike. Izi zimapitirira kwa maola chinthucho chitatha kale, n'chifukwa chake mwa makoswe mankhwala operekedwa pambuyo pa phunziro amatha kusintha mmene adzakumbukirire mawa.

Mu 1994 Larry Cahill, McGaugh ndi anzawo anayesa zimenezi mwa anthu. Onse anaonetsedwa zithunzi 12 zofanana, koma nkhani yotsagana nazo inali yosiyana. Ena anamva nkhani wamba ya mwana amene anapita ndi mayi ake kukaona bambo ake kuntchito kuchipatala. Ena anamva kuti mwanayo anagundidwa ndi galimoto panjira n'kuvulala kwambiri miyendo. Ola limodzi asanaone zithunzizo, ena anamwa mamiligalamu 40 a puropuranololo, mankhwala otsekereza pamene adirenalini ndi noradirenalini zimagwira, ndipo ena anamwa piritsi lopanda mankhwala. Patapita sabata anawafunsa mwadzidzidzi zimene akukumbukira. Omwa piritsi lopanda mankhwala amene anamva nkhani ya ngozi anakumbukira bwino kwambiri, makamaka gawo la ngoziyo. Omwa puropuranololo analibe kuonjezera kumeneko, ngakhale nawonso ananena kuti nkhaniyo inawakhudza, ndipo pa nkhani wamba mankhwalawo sanasinthe kanthu. Chaka chotsatira, wodwala wina wa Urbach-Wiethe anasonyeza zofanana popanda mankhwala. Ankakumbukira nkhaniyo, koma gawo la ngozi silinkaposa magawo ena.

Apa pafunika kusamala kwambiri, makamaka kwa inu amene mudzagwira ntchito ndi mboni kapena anthu ochitidwa nkhanza. Kukumbukira mwamphamvu sikutanthauza kukumbukira molondola. Pa 12 Sepitembala 2001, Jennifer Talarico ndi David Rubin anafunsa ophunzira 54 a pa yunivesite ya Duke mmene anamvera za kuukiridwa kwa dziko la Amereka kwa dzulo lake, pamene zigawenga zinaombetsa ndege pa nyumba zitalizitali za ku New York, komanso za chinthu china wamba cha masiku omwewo. Anawafunsanso, ena patapita sabata 1, ena masabata 6, ena 32. Tsatanetsatane wa nkhani zonse ziwiri ankasokonekera mofanana m'kupita kwa nthawi. Chimene chinasiyana n'chakuti pa nkhani yoopsayo ophunzirawo anakhalabe otsimikiza kuti akukumbukira ndendende. Kafukufuku wina wambiri wasonyeza kuti kugwedezeka mtima kumalimbitsa phata la chochitika, pamene zapambali zimatayika. Munthu amene wasokoneza mtundu wa malaya a womuukira sikuti akunama, ndipo amene akulumbira kuti akuona zonse ngati dzulo sikuti walondola zonse.

Mantha akazilala amakhala atapita kuti?

Mabuku ambiri akafika pa pirifurontolo amayamba ndi Phineas Gage, kapitawo wa ntchito ya njanji ku Vermont amene chitsulo chinamubowola mutu mu 1848 n'kupulumuka. Dokotala wake analemba kuti khalidwe lake linasintha, koma zolembedwa ndi amene anamuona ndi zochepa, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito yoyendetsa ngolo za mahatchi ku Chile kwa zaka zingapo. Nkhani yake ndi yoyambira chabe. Pa kukumbukira, odwala ovulala pirifurontolo sakhala ngati H.M. Amasunga zinthu, koma amavutika kuzifufuza mwadongosolo, kunena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, kapena kukumbukira amene anawauza chinthu. Pa mantha, umboni womveka bwino uli pa zimene zimachitika choopsa chikasiya kubwera.

Tibwerere kwa khoswe uja. Mukamaliza kabelu kambirimbiri popanda shoko, kuuma kuja kumachepa mpaka kutha. Poyang'ana mungati waiwala, koma pali njira zitatu zodziwira kuti sanaiwale. Mukamusiya masiku angapo n'kulizanso kabelu, mantha amabwerako okha, zimene Ivan Pavlov anaziona kale pa agalu ake ndi malovu. Mukamusamutsira m'bokosi losiyana ndi limene mantha anazilaliramo, amabweranso, ndipo Mark Bouton wafufuza kwambiri zimenezi. Mukamupatsa shoko imodzi yokha popanda kabelu, mawa lake kabelu kamayambanso kumuopsa. Phunziro loyamba lija likadalipo mu amigidala. Chimene chachitika n'chakuti khoswe waphunzira phunziro lachiwiri, lakuti kabelu sikabweretsanso shoko, ndipo lachiwirili limapondereza loyamba.

Gregory Quirk ndi anzake, akugwira ntchito ku Puerto Rico, anasonyeza mu 2000 pamene phunziro lachiwirili limadalira. Makoswe oonongedwa pirifurontolo ya ventiromidiyo anaphunzira mantha bwinobwino, ndipo tsiku lomwelo mantha awo anazilala ngati a anzawo. Kusiyana kunaoneka mawa lake. Makoswe abwinobwino anauma pang'ono chabe atamva kabelu, pamene oonongedwawo mantha awo anabwerera pafupifupi onse, ngati kuti dzulo sanaphunzire kanthu. Choncho dera limeneli silofunika kwenikweni kuti mantha atsike panthawiyo, koma kuti kutsikako kusungidwe ndi kukumbukiridwa. Kachigawo kake kotchedwa infuralimbiki kamatumiza uthenga ku amigidala, kumene timagulu ta maselo oletsa, ogwiritsa ntchito mankhwala a mu ubongo otchedwa GABA, timatsekereza uthenga wopita ku kachigawo kapakati kaja. Koma kachigawo koyandikana nako, piririmbiki, kamachita zosiyana, kamalimbikitsa kuti mantha aonekere. Pirifurontolo yonse singatchedwe yoletsa mantha.

Apa ndi pamene mbali zitatuzi zimakumana pa chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti mwana walumidwa ndi galu pakhomo la anthu ena. Amigidala yake yagwirizanitsa kuuwa ndi ululu, hipokampasi yasunga pakhomopo ndi tsikulo. Pambuyo pake wazolowera galu wofatsa wa kwa agogo ake mpaka kumamusisita. Phunziro loyamba lija limafalikira mosavuta kwa agalu onse ndi malo onse, pamene lachiwiri limamatirira pamalo pamene linaphunziridwa, ndipo hipokampasi ndiyo imathandiza kusankha kuti ndi liti ligwire ntchito pano. Mwanayo akakumana ndi galu kumsika n'kuthawa akulira, sikuti zonse zinapita pachabe. Phunziro la kwa agogo silinafike kumsika. N'chifukwa chake chithandizo chozoloweretsa munthu chinthu chimene amaopa, chimene chimagwira ntchito bwino pa mantha opitirira muyeso, chimafuna kubwerezedwa m'malo osiyanasiyana ndi pa masiku osiyanasiyana, ndipo wothandizayo amayenera kuyeza mantha pachiyambi cha tsiku lotsatira, osakhutira ndi mmene anatsikira pamapeto a dzulo.

Kuchokera pa zonsezi panabadwa maganizo otchuka ofotokozera nthenda ya mantha otsalira pambuyo pa zoopsa, imene madokotala amailemba kuti PTSD. Maganizowa amati amigidala imadzuka mopitirira, ventiromidiyo imafooka, ndipo hipokampasi imalephera kuuza ubongo kuti kuno si kuja. Zithunzi za makina ojambula ubongo zimagwirizana nawo nthawi zambiri. Koma makinawo amangosonyeza kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, sanena chimene chayambitsa chinzake, ndipo pali kafukufuku muwiri amene wophunzira aliyense ayenera kumudziwa asanalembe maganizowa ngati choonadi.

Woyamba ndi wa Mark Gilbertson, Roger Pitman ndi anzawo mu 2002. Zinali zitadziwika kuti asilikali odwala nthendayi amakhala ndi hipokampasi yocheperako, ndipo popeza mahomoni a nkhawa akachuluka kwa nthawi yaitali amaononga hipokampasi ya nyama, ambiri ankati nkhondo ndiyo inaichepetsa. Ofufuzawa anayeza mapasa ofanana, mmodzi anamenya nkhondo ku Vietnam, mnzake sanapiteko. Asilikali odwala kwambiri analidi ndi hipokampasi yaing'ono, koma abale awo amene sanaone nkhondo ndipo sankadwala anali nayonso yaing'ono. Izi zikusonyeza kuti mwa anthu amenewa kuchepako kunalipo kale, ndipo kunaika munthu pachiopsezo.

Wachiwiri ndi wa Michael Koenigs, Jordan Grafman ndi anzawo mu 2008, pa asilikali a nkhondo yomweyo amene anavulala ubongo ndi zipolopolo kapena zidutswa za mabomba. Mwa asilikali osavulala ubongo, 48 peresenti anadwalapo nthendayi, ndipo mwa ovulala madera ena a ubongo anali 40 peresenti. Mwa 15 amene anavulala amigidala panalibe ndi mmodzi yemwe, zimene zikugwirizana ndi maganizo aja. Koma ngati ventiromidiyo ntchito yake ndi kuletsa amigidala basi, ovulala pamenepo anayenera kudwala kuposa onse. Zinapezeka zosemphana: mwa asilikali 40 oterowo anadwala ndi 18 peresenti okha. Chifukwa china chimene chingafotokoze izi n'chakuti ventiromidiyo ya munthu ndi dera lalikulu, ndipo chipolopolo sichisankha kachigawo koletsa n'kusiya kolimbikitsa. China n'chakuti nthendayi si thukuta la m'manja lokha. Ilinso ndi kudziimba mlandu, manyazi ndi kubwereza chochitikacho m'maganizo, ndipo dera lomweli limagwira nawo ntchito pamene munthu akuganiza za iye mwini ndi kulemera kwa zimene zamuchitikira. Kuyeza kuuma kwa khoswe m'bokosi sikungatiuze za mbali imeneyo, ndipo mpaka pano imafufuzidwa mwa anthu okha, pomvetsera zimene iwo akunena ndi kuziyerekeza ndi pamene ubongo wawo unavulala.